Dzina limodzi malembedwe asanu: mmene mungatayipire makaundula akale osasokoneza anthu

Ndakhala ndikuthandiza kutayipa mabuku akale a parishi ina ya Katolika kuno chigawo chapakati, a ubatizo, a ukwati, a maliro komanso timabuku ta mtulo tomwe ankasunga akatekisiti, ndipo chimene chimandidyera nthawi kwambiri si inki yofufutika kapena masamba odyedwa ndi chiswe ayi, koma mayina. Munthu mmodzi yemweyo mumupeza mu buku ili ndi Joannes Piri, mu lina Yohane Chimwala, kwina John Phiri, ndiye ukapanda kusamala umapanga anthu atatu pa munthu mmodzi, kapena choipa kwambiri umatenga anthu awiri osiyana nkuwamata kukhala mmodzi. Njira yomwe ndikufotokoza apa ndi imene ndimagwiritsa ntchito panopa, ndipo yonse yatsamira pa chinthu chimodzi: zomwe zalembedwa m'buku zikhale pakepake, zomwe inu mukuganiza zikhalenso pakepake, osazisakaniza mu kolamu imodzi.

Musanatayipe chilichonse, liwerengeni kaye bukulo

Ndikudziwa mtima umafuna kungoyamba tsamba loyamba nkumapita, koma dikirani. Tengani tsiku limodzi kapena awiri mukungotsegula masamba, kuona pomwe dzanja lasintha. Buku limodzi la ubatizo litha kukhala ndi manja asanu ndi limodzi kapena kuposa, chifukwa ansembe ankasinthidwa, ndipo aliyense anali ndi khutu lake. Ambiri mwa ansembe oyamba ku mamishoni ngati Nzama yomwe inayamba 1901 ndi Mua ya 1902 anali olankhula Chifalansa kapena Chidatchi, ndiye ankalemba dzina mmene lawamvekera, kenako dzina la ubatizolo nkuliika m'Chilatini. Lembani pa pepala kuti dzanja A layambira tsamba lakuti mpaka lakuti, dzanja B chimodzimodzi, ndipo pa dzanja lililonse jambulani ndi foni zilembo zomwe zikuvuta. Zimene zimandipusitsa ine kawirikawiri ndi n ndi u, moti Banda amaoneka ngati Bauda, M wamkulu ndi N wamkulu, T ndi J, komanso L ndi S. Mukakayika chilembo, osayang'ana dzinalo lokha, pitani mukafune liwu lomwe mukulidziwa bwino lolembedwa ndi dzanja lomwelo, mwachitsanzo mwezi wa Junius kapena Julius ukuonetsani J wa munthu ameneyo, ndiye mukamuyerekeze ndi chilembo chomwe chili pa Jere kapena Tembo uja.

Izi zikuthandizani kusiyanitsa zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Pali kusiyana komwe kulidi m'buku, wolemba analembadi Piri. Ndiye pali kusiyana komwe mwabweretsa inu chifukwa chowerenga molakwa. Koyambako timakusunga, kwachiwiriko timakukonza.

Konzani makolamu

Kaya mukugwiritsa ntchito Excel kaya Google Sheets, dzina lililonse lizikhala ndi malo angapo osati amodzi. Anga ndimawaika chonchi:

```
buku | tsamba | nambala | chaka | dzanja | monga_lalembedwa | dzina_lofunira | nambala_ya_munthu | chitsimikizo | ndemanga
```

Kolamu ya monga_lalembedwa ndi yopatulika. Mmenemo mumalowa ndendende zomwe diso laona, chilembo ndi chilembo, ngakhale mukudziwa kuti agogo amenewa kwawo amalemba Phiri. Akalemba Piri tayipani Piri, akalemba Cimwala tayipani Cimwala. Ndipotu c ameneyu si kulakwitsa, Chinyanja chakale chinkalembedwa choncho m'mabuku ambiri ndipo ku Zambia mpaka lero amalemba Cinyanja. Malamulo a kalembedwe omwe tinazolowera kusukulu anabwera mochedwa, Chichewa Board inakhazikitsidwa 1972, ndiye munthu wolemba mu 1931 sitingamuweruze ndi malamulo omwe kunalibe. Ngakhale Nkhoma yeniyeniyi m'zolemba zakale muipeza ili Mkhoma, Thyolo ali Cholo, Ntcheu ali Ncheu.

Gwirizanani zizindikiro zochepa ndipo muzilembe pa tsamba loyamba la fayilo kuti aliyense wotayipa azitsatira zomwezo. Ife chilembo chomwe tikukayika timachitsekera chonchi Ba[n?]da, pomwe sipakuwerengeka konse timaika [...], ndipo dzina likakhala kuti linafufutidwa nkulembedwa lina pamwamba timatayipa onse awiri nkufotokoza mu ndemanga kuti loyamba ndi liti. Dzina lofufutidwalo musalitaye, nthawi zambiri limakhala dzina lakumudzi lomwe munthuyo ankadziwika nalo asanabatizidwe, ndipo ndi lomwe lidzakulumikizireni ndi buku lina. Pomwe wolemba anangoika timizere tiwiri kapena id. kutanthauza kuti chimodzimodzi ndi pamwambapa, tayipani chizindikirocho mu monga_lalembedwa, dzina lenilenilo mulilembe mu dzina_lofunira.

Kompyuta nayo ili ndi khalidwe lofuna kukuthandizani pomwe simunaipemphe. Mu Excel mukayamba kutayipa Yohan imamalizitsa yokha Yohane chifukwa inaliona pamwamba, inu nkudina Enter osazindikira, pomwe buku lalemba Yohan basi. Zimitsani zimenezo ku File > Options > Advanced pochotsa chizindikiro pa Enable AutoComplete for cell values. Kolamu ya nambala muiike ikhale Text musanayambe, apo ayi nambala ya ubatizo ngati 3/36 isanduka deti. Ndipo posunga ngati CSV sankhani CSV UTF-8, kupanda kutero ŵ wa Mbeŵe akatuluka zinyalala pa kompyuta ya mnzanu.

Dzina lofunira

Iyi ndi kolamu yomwe mumaika kalembedwe kamodzi kogwirizana, kuti munthu akafuna Phiri apeze ndi a Piri omwe. Silikutanthauza kuti ndilo dzina lolondola la munthuyo ayi, ndi chogwirira chabe. Tsegulani tsamba lina mu fayilo momwemo, muzilemba kalembedwe kalikonse komwe mwakumana nako ndi komwe mwasankha, limodzi ndi buku ndi tsamba pomwe munakaona koyamba. Piri apite kwa Phiri, Cirwa ndi Chilwa kwa Chirwa, Nkoma ndi Mkhoma kwa Nkhoma, Muale kwa Mwale. Muale ameneyu mumupeza kwambiri kwa anthu omwe anachokera kapena kubatizidwira ku Mozambique, monga mbali ya Angónia, poti Apwitikizi w wathuyu ankamulemba u, ndipo ny ankamulemba nh. Lamulo losankhira likhale limodzi ndipo lilembedwe, ife tinagwirizana kuti titenga kalembedwe komwe mabanja ambiri a m'deralo akugwiritsa ntchito lero.

Pa mayina a Chilatini pamafunika kudekha pang'ono chifukwa dzina limasintha kumapeto malinga ndi ntchito yake mu chiganizo. Wobatizidwa alembedwa Joannes, koma akakhala bambo wa mwana muona filius Joannis, kutanthauza mwana wamwamuna wa Yohane. Petrus amakhala Petri, Maria amakhala Mariae, Agnes amakhala Agnetis. Awa si mayina atsopano, ndi lomwelo. Koma Joanna ndi mkazi, ndipo mu dzanja lothamanga Joannes ndi Joanna amafanana kwambiri, ndiye muziyang'ana ngati patsogolo palembedwa filius kapena filia. Jacobus ndi wovutanso, kumudzi atha kukhala Yakobo, atha kukhalanso Jemusi, ndiye osamusankhira mpaka mutamuona m'buku la akatekisiti mmene ankamuitanira.

Mizere ikachuluka, kupeza ofanana ndi maso kumatopetsa. Ine ndimaonjezera kolamu yothandizira yomwe imachotsa h, kusandutsa r kukhala l ndi ŵ kukhala w, chifukwa kusiyana kwambiri kwa mayina athu kumagona pamenepo. Ngati dzina lili mu F2:

```
=SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(LOWER(TRIM(F2)),"ŵ","w"),"h",""),"r","l")
```

Phiri ndi Piri onse atuluka pili, Chirwa, Cirwa ndi Chilwa onse atuluka cilwa, ndiye mukasanja kolamu imeneyi akhala moyandikana nkumawaona bwinobwino. Ena amakonda Soundex, njira yopatsa mayina omveka mofanana chilembo ndi manambala ofanana, poti imapezeka mu mapulogalamu ambiri a mibadwo, koma inapangidwira mayina a Chingerezi: imasunga chilembo choyamba, choncho Nkhoma ndi Mkhoma imawalekanitsa, ndipo l ndi r imawapatsa manambala osiyana, Chirwa amakhala C600 pomwe Chilwa C400. Kwa ife imaphonya pomwe pali vuto penipenipo. Fomula yangayi nayonso ili ndi malire, ingokusonkhanitsirani oti muwayang'ane, chigamulo ndi chanu. Ndipo chonde, Replace All musadzaiyendetse pa kolamu ya monga_lalembedwa, mukatero mwafafaniza umboni ndipo kuti muubwezeretse muyenera kubwereranso ku buku tsamba ndi tsamba.

Tsopano funso lenileni: kodi ndi munthu mmodzi?

Apa ndi pomwe pali ntchito. Kufananitsa malembedwe ndi nkhani ya zilembo, koma kunena kuti uyu ndi yemwe uja ndi nkhani ya umboni, ndipo ziwirizi zisamayendere limodzi. Phiri, Banda, Mwale, Mbewe ndi mifunda, theka la mudzi litha kukhala a Phiri, ndipo mayina a ubatizo anali ochepa omwewo, Yohane, Petulo, Paulo, Maria, Agnesi. Ndiye Yohane Phiri awiri kapena atatu m'mudzi umodzi si zachilendo nkomwe. Nchifukwa chake munthu aliyense timamupatsa nambala yake, monga M0412, ndipo nambalayo ndi imene imanena kuti mizere iyi ndi ya munthu mmodzi, osati dzina.

Ndikuonetseni ndi nkhani imodzi, mayina ndi manambala ndawasintha koma kayendedwe kake ndi komwe ndinakumana nako. Mu buku la ubatizo la 1931, nambala 214, muli Joannes Piri, wamkulu kale wa zaka ngati 20, bambo wake Cimwala. M'mphepete mwa mzere womwewo wina anadzalemba ndi inki ina kuti anakwatira 1934 ndipo anaika nambala ya ukwatiwo. Timawu ta m'mphepete timeneti musamatidumphe, mu Katolika ukwati umayenera kulembedwanso pa mzere wa ubatizo wa munthuyo, ndiye ndi ulalo wopangidwa kale ndi anthu omwe ankamudziwa. Nditapita ku buku la maukwati pa nambala imeneyo ndinapeza Joannes Cimwala, Piri palibe, akukwatira Agnes Nabanda. Dzina lachiwiri lasintha koma palibe chodabwitsa, wolemba wina ankafunsa mfunda, wina ankafunsa kuti bambo wako ndani nkulemba dzina la bamboyo. Poti manambala akulozana mbali zonse ziwiri, mizere iwiriyi ndinaipatsa M0412 ndipo pa chitsimikizo ndinalemba ndithu.

Mu 1936 muli mwana wolembedwa filius Joannis Piri et Agnetis, koma mudzi ndi wina, si uja wa pa ubatizo. Poyamba ndinakayika, kenako nditayang'ana ukwati uja ndinaona kuti mudzi watsopanowu ndi kwawo kwa Agnes. Ndi chikamwini basi, mwamuna anapita kukakhala kwa mkazi. Kwa Achewa mudzi wa mwamuna ukasintha pambuyo pa ukwati si umboni woti ndi munthu wina, koma muonetsetse kuti mudzi watsopanowo ukugwirizana ndi wa mkaziyo. Apa dzina, mkazi ndi mudzi zinagwirizana, ndiye M0412, ndithu. Mu kabuku ka mtulo ka 1952 katekisiti analemba Yohane Chimwala, mudzi womwewo wa Agnes, ndipo mzere wotsatira pansi pake pali Aginesi. M0412 kachiwiri.

Ndiye pali 1958, mwana wina akubatizidwa ndipo pa patrinus, yemwe ndi womuimira pa ubatizo, palembedwa John Phiri basi, popanda mudzi popanda china chilichonse. Mtima unkandiuza kuti ndi yemweyu, koma umboni ndi dzina lokha. Mzere umenewu ndinausiya wopanda nambala ya munthu, pa chitsimikizo ndinalemba mwina, mu ndemanga nkuikamo kuti atha kukhala M0412. Mawu anga a chitsimikizo ndi atatu okha: ndithu, zikuoneka, mwina. Ndithu ndi pomwe pali nambala yolozana kapena zinthu zitatu zogwirizana kuphatikizapo dzina, zikuoneka ndi pomwe pali dzina ndi chinthu chimodzi monga mudzi, mwina ndi dzina lokha. Okhawo a ndithu ndi zikuoneka ndi omwe amalandira nambala.

Pomwe ndinalakwitsa ndi apa. Mu 1964 muli mwana filia Joannis Phiri et Mariae, mudzi womwewo. Ndinaganiza kuti mwina Agnes anamwalira bamboyo nkukwatiranso, ndinangoika M0412 nkupitirira. Patapita milungu, tikutayipa buku la maliro, ndinapeza Yohane Phiri mwamuna wa Agnes ataikidwa m'manda 1961. Munthu womwalira 1961 sangabereke mwana 1964. Nditabwerera m'mbuyo ndinapeza Joannes Piri wina wobatizidwa ali khanda mu 1938, makolo ena, ndipo womuimira pa ubatizo anali Joannes wathu uja, kutanthauza kuti mwanayo anapatsidwa dzina la womuimirayo. Uyu ndi amene anakwatira Maria. Zinandipweteka chifukwa ana atatu ndinali nditawapatsa bambo wolakwika, ndipo ndikanakhala kuti ndinapereka kale zimenezo kwa banja lofufuza mbiri yawo, bodzalo likanayenda mpaka kwa zidzukulu. Chomwe chinandipulumutsa nchoti monga_lalembedwa sindinaikhudze, ndinangosintha nambala pa mizere inayi, wachiwiriyo nkukhala M0977, ndikulemba mu ndemanga chifukwa chake ndi tsiku lomwe ndasintha.

Kuchokera pamenepo ndinayamba chizolowezi ichi, ndipo ndikupemphani muchitenge: mukamaliza buku lililonse, sefani nambala ya munthu mmodzimmodzi nkusanja mizere yake motsatira zaka, kenako muiwerenge ngati mbiri ya moyo. Zizindikiro zoti mwamata anthu awiri zimaonekera pompo. Munthu wabatizidwa kawiri, wakwatira ali ndi zaka 8, mayi akubereka kwa zaka 45 zotsatizana, ana awiri abadwa motalikirana miyezi inayi, kapena wina akulipira mtulo atamwalira kale. Zoti mwagawa munthu mmodzi pawiri zimaoneka mwa mtundu wina, mumapeza munthu yemwe ali ndi ubatizo ndi ukwati koma kenako wangosowa, pomwe m'mudzi womwewo mwatulukira wina wopanda ubatizo koma ali ndi ana ndi mkazi wa dzina lomwelo.

Amayi ndiwo amasowa kwambiri

Izi ndizinene padera chifukwa zimandikhudza. Mayi mmodzi atha kulembedwa Agnes Nabanda pa ukwati, Agnes yekha pa ubatizo wa ana, Aginesi Chimwala m'buku la mtulo potengera mwamuna, ndipo pa maliro nkungolembedwa Nabanda kapena make wakuti. Na- ameneyu ndi wa mfunda, Nabanda ndi mkazi wa mfunda wa Banda, Naphiri wa Phiri, kumpoto muona Nya- ngati Nyagondwe. Mu monga_lalembedwa siyani Nabanda momwemo. Mu dzina_lofunira ine ndimaika Banda kuti apezeke limodzi ndi alongo ake, koma ndinaonjezera kolamu ina ya mayina_ena momwe ndimasungamo onse omwe munthuyo anadziwika nawo, olekanitsidwa ndi chizindikiro, kuti wofuna Nabanda amupezenso. Osamupatsa mayi dzina la mwamuna wake ngati buku silinatero, chifukwa mukatero mwadula njira yopezera kwawo. Njira yodalirika yomutsatira mayi ndi kudzera mwa ana ake: sonkhanitsani ana onse a bambo mmodzi, muone dzina la mayi pa mwana aliyense, ndipo likasintha pakati fufuzani kaye m'buku la maliro ndi la maukwati musanagamule kuti ndi kalembedwe chabe kapena ndi mkazi wina.

Mukamatayipa anthu angapo

Tsamba la malembedwe lija likhale limodzi kwa nonse ndipo munthu mmodzi yekha ndi amene azivomereza zolowamo zatsopano, apo ayi wina aika Chirwa wina Chilwa ngati dzina lofunira ndipo mwabwerera pomwe munayambira. Manambala a anthu nawonso azipereka munthu mmodzi, otayipa ena azingodzaza monga_lalembedwa ndi ndemanga. Ife timasinthana masamba, pa masamba khumi aliwonse limodzi amalitayipanso wina osaona za mnzake, kenako nkufananitsa. Mukapeza kuti mukusiyana pa chilembo chomwechomwecho, monga wina akuwerenga Mwale wina Mwase, ndiye kuti dzanja limenelo simunaligwire, bwererani ku zithunzi za zilembo zija mukagwirizane musanapitirire.

Akuluakulu a m'mudzi ndi a mu mpingo ndi thandizo lalikulu, gogo mmodzi atha kukuuzani mu mphindi ziwiri kuti a Chimwala aja ndi omwewo ankatchedwa a Joni atabwera ku Wenela. Zoterozo zilembeni mu ndemanga, kuti wanena ndi munthu wa m'mudzimo ndi tsiku lomwe wanena, ndipo chitsimikizo chitha kukwera kuchoka pa mwina kufika pa zikuoneka. Koma monga_lalembedwa isasinthe ngakhale banja litakuuzani kuti dzina lathu sitilemba choncho. Banja likabwera kudzafuna mbiri, ine ndimawapatsa mizere yonse monga inalembedwera, buku, tsamba ndi nambala, pambali pake dzina lomwe iwo amalemba lero, ndipo mizere ya mwina ndimaisindikiza pa pepala lina ndikuwauza kuti awa sitinawatsimikize, ngati kunyumba kuli khadi la ubatizo la agogowo abwere nalo tidzaone nambala yomwe ili pamenepo.